Zoyenera kufufuza posankha buloka wa pa intaneti

Buloka wa pa intaneti ndi kampani imene imalandira ndalama za munthu n'kumugulira kapena kumugulitsira masheya ndi ndalama zakunja. Mwini ndalama sakumana nawo maso ndi maso anthu akampaniyo, choncho chomuteteza ndi pangano limene wavomereza ndi boma limene likuyang'anira kampaniyo.

Choyamba kufufuza ndi chiphaso. Ku Malawi abuloka a masheya amalandira chiphaso kwa Registrar of Financial Institutions wa ku Reserve Bank of Malawi. Ku Britain amayang'aniridwa ndi FCA, ku South Africa ndi FSCA, ku Cyprus ndi CySEC. Mabungwewa ali ndi kaundula woti aliyense angathe kumuona pa intaneti, ndipo nambala ya chiphaso iyenera kufufuzidwa m'kaundulamo, osati kungoikhulupirira chifukwa buloka wailemba patsamba lake. Akathyali amaba dzina ndi nambala ya kampani yeniyeni, n'chifukwa chake foni ndi adiresi ya pa intaneti zimene zili m'kaundula ziyenera kufanana ndendende ndi za amene akupempha ndalamawo.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale anthu ochenjera. Dzina limodzi limatha kukhala ndi makampani angapo, ina ku London, ina ku Cyprus, ina ku Seychelles. Buloka amadzitama ndi chiphaso cha FCA, koma wotsegula akaunti ali ku Lilongwe kapena ku Chipata nthawi zambiri amalembetsedwa ku kampani ya kuzilumba, kumene malamulo ake ndi ofewa. Chimene chimagwira ntchito ndi dzina lolembedwa m'pangano la kasitomala. Likakhala la ku St Vincent and the Grenadines ngozi imakula, popeza boma la kumeneko silipereka chiphaso cha malonda a ndalama zakunja.

Chitetezo cha ndalama chimadaliranso dzina lomwelo. Buloka woyang'aniridwa bwino amasunga ndalama za makasitomala ku banki, mu akaunti yosiyana ndi yake, kuti kampani ikagwa angongole ake asazilande. Lamuloli limaswedwa ndithu: MF Global itagwa mu 2011, ndalama za makasitomala pafupifupi madola 1.6 biliyoni zinasowa poyamba, ndipo kuzibweza kunatenga zaka. Pachifukwa chotere mayiko ena ali ndi thumba la chipepeso. Ku Britain FSCS imalipira mpaka mapaundi 85,000 pa munthu, pamene thumba la ku Cyprus limalekeza pa mayuro 20,000. Thumbali limalipira kampani ikagwa ili ndi ndalama za anthu, osati munthu akaluza pamalonda ake. Nkoyeneranso kufunsa ngati akaunti ingatsike kupitirira ziro. Pa 15 Januwale 2015 ndalama ya ku Switzerland inakwera mwadzidzidzi, Alpari UK inagwa, ndipo makasitomala ena anatsala ndi ngongole yoposa zimene anaika.

Mawu akuti "palibe komishoni" satanthauza kuti malonda ndi aulere. Buloka amadyera pa sipuredi, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Pa EUR/USD, munthu akachita malonda a mayuro 10,000, pipu imodzi ndi dola imodzi. Sipuredi ikakhala mapipu 1.5, malonda aliwonse amayamba ndi kutaya madola 1.50. Wochita malonda 40 pamwezi walipira madola 60, ndipo ngati mu akaunti munali madola 500, ndiye kuti 12 peresenti yapita msika usanamupatse kapena kumulanda kanthu. Pamwamba pake pamabwera chiwongoladzanja cha malonda ogonetsa usiku, ndalama yosinthira makwacha kukhala madola, ndi chindapusa cha akaunti yokhalitsa osagwiritsidwa ntchito.

Kuika ndalama sikuvuta pena paliponse. Khalidwe la buloka limaonekera potapa. Njira yabwino ndi kuyamba ndi ndalama zochepa, kenako kutapako zina pakangopita masiku owerengeka, n'kuona nthawi imene zatenga ndi zimene zadulidwa. Kupempha chiphaso cha unzika kapena pasipoti ndi umboni wa kumene munthu akukhala ndi zachizolowezi, monganso lamulo lakuti ndalama zibwerere pa khadi kapena akaunti imene zinachokera. Bonasi ndiyo yofunika kuipewa, chifukwa kawirikawiri imamanga ndalama mpaka munthu atachita malonda ochuluka kwambiri.

Chizindikiro choopsa kuposa zonse ndi kuuzidwa kuti alipire kaye "msonkho" kapena ndalama yotsegulira akaunti asanalandire zake. Buloka weniweni amadula zolipira zake pa ndalama zimene zili kale mu akaunti. Chimodzimodzi pamene auzidwa kutumiza ndalama ku nambala ya foni ya munthu kapena ku akaunti ya dzina losiyana ndi la m'pangano: ndalama zoterozo sizilowa mu akaunti ya makasitomala, ndipo palibe thumba la chipepeso limene lingazibweze.