Fakitale ikazima yokha, funsani chifukwa

M'mwezi wa Juni 2017, fakitale ina yoyenga mafuta ndi kupanga mankhwala ku Saudi Arabia inangozima yokha. Amisiri anayeza makina, sanapeze chovuta, ndipo anati mwina chipangizo china chinangosokonekera. Ntchito inayambiranso. Mu Ogasiti zinachitikanso, ndipo akatswiri atafufuza mozama anapeza pulogalamu yaupandu yomwe lero imadziwika kuti Triton. Eni ake sankafuna kuba zikalata kapena ndalama. Ankalimbana ndi makina oteteza miyoyo ya anthu.

Fakitale yotere imakhala ndi makompyuta amitundu iwiri oyang'anira ntchito. Oyamba ndiwo amayendetsa zonse tsiku ndi tsiku: kutsegula mavavu, kuyatsa mapampu, kusunga kutentha pa mlingo wake. Achiwiri sayendetsa kanthu, amangolondera. Mphamvu ya mpweya m'thanki ikapyola malire, kapena gasi wakupha akayamba kutuluka, iwo amatseka mavavu n'kuzimitsa zonse osadikira munthu. Pamalo aja alondawa anali makina a Triconex, opangidwa ndi kampani ya Schneider Electric. M'kati mwa makina amenewa muli timakompyuta titatu tomwe timawerengera chinthu chimodzimodzi n'kumayerekeza mayankho athu, kuti kamodzi kakalakwitsa tiwiri tinato tikagonjetse.

Achiwembuwo analowera kumakompyuta a kampani, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kufika pa kompyuta yomwe mainjiniya amalembera malangizo a Triconex. Pamenepo anaikapo fayilo yotchedwa `trilog.exe`, dzina lofanana ndi la pulogalamu yeniyeni. Chomwe chinawatsegulira khomo lomaliza n'chaching'ono kwambiri. Pa makinawa pali kiyi weniweni, wopotokola ndi dzanja. Akakhala pa `RUN`, malangizo sangasinthidwe kudzera pa netiweki. Akakhala pa `PROGRAM`, angathe. Kiyi anali atasiyidwa pa `PROGRAM`.

Mwayi unali wakuti pulogalamu yawo inali ndi cholakwika. Makinawo anaona kuti zinthu m'kati mwake sizikugwirizana, ndipo anachita chomwe anapangidwira: kuzimitsa fakitale bwinobwino. Kukanakhala kuti chiwembu chinatheka, alonda aja akanaoneka amoyo koma ali ogontha, ndipo tsiku la ngozi yeniyeni sakanachitapo kanthu. Mu 2020 boma la Amerika linaika zilango pa bungwe lina la kafukufuku la boma la Rasha poti linakhudzidwa ndi nkhaniyi.

Apa m'pomwe fakitale imasiyana ndi ofesi. Ku banki kapena ku ofesi ya maakaunti, choopsa chachikulu n'chakuti zinsinsi zituluke: malipiro a antchito, manambala a makasitomala. Kompyuta ikakayikiridwa, amaichotsa pa netiweki nthawi yomweyo, ndipo mwini wake amadikira mpaka mawa. Palibe amene amafa. Koma kompyuta yoyang'anira ng'anjo kapena mapampu a madzi a mzinda simungaithimitse mwachisawawa, chifukwa moto ndi madzi sizidikira kuti iyakenso. Ndipo uthenga woyenda m'mawaya amenewa, monga wakuti vavu yatseguka theka, ulibe chinsinsi chenicheni. Chofunika n'chakuti ukhale woona, ufike m'nthawi yake, ndiponso lamulo lotsegula vavuyo lichokere kwa woyenera.

N'chifukwa chake mankhwala abwino a ku ofesi nthawi zina amasanduka poizoni kufakitale. Ku ofesi, munthu akalakwitsa pasiwedi katatu amatsekeredwa kunja, ndipo n'zanzeru. Chitani zomwezo kwa woyendetsa makina amene manja akunjenjemera alamu ikulira, muone. Zigamba zotseka ziboo m'mapulogalamu nazonso ku ofesi zimaikidwa mwezi ndi mwezi, pomwe kufakitale chigamba chimayamba chayesedwa, kenako n'kudikira nthawi yomwe makina aimitsidwa kuti akonzedwe, ndipo nthawiyo ingatenge chaka kapena kuposerapo. Si ulesi ayi. Makina ambiri amagwira ntchito zaka 20, ndipo ena amalankhulana m'njira ya Modbus, ya mu 1979, yomwe siifunsa n'komwe kuti wolamula ndani.

Popeza makinawo sangadziteteze, chitetezo chimamangidwa mowazungulira. Netiweki ya fakitale imalekanitsidwa ndi ya ku ofesi, ndipo makina oteteza miyoyo amakhala paokha, osakhudzana ndi oyendetsa ntchito. Zida zofufuzira zimangomvetsera zoyenda m'mawaya, chifukwa kufunsa mafunso ambiri makina akale kungawakomole. Kiyi amabwezedwa pa `RUN` ntchito ikangotha, ndipo alamu imalira ngati wina wamusuntha.

Ine ndimaona kuti cholakwa chachikulu pa nkhani ya ku Saudi Arabia sichinali kiyi, koma kuzima kwa mu Juni komwe kunatengedwa ngati vuto wamba la makina. Kunapatsa achiwembu miyezi ina iwiri ali m'kati. Makina oteteza akazimitsa fakitale popanda chifukwa chooneka, amisiri asamangoyeza mawaya ndi mavavu okha. Aonenso kuti ndani analowa pa kompyuta ya mainjiniya, nthawi yanji, ndipo anatumiza chiyani.