Chingwe Chofiira ndi Kawaya Koiwalika

Linali tsiku lachiwiri tikuyesa makina atsopano pa fakitale ina yogaya chimanga. Malamba atatu onyamula chimanga ankayenda opanda kanthu. Mmisiri wa magetsi anayenda m'mbali mwa lamba wapakati, nagwira chingwe chofiira chimene chimatambasulidwa kuchokera kumutu mpaka kumchira kwa lambayo, n'kuchikoka mwamphamvu. Swichi inalira kuti kha! Koma lamba anapitirira ulendo wake ngati palibe chachitika. Tonse tinangoti kakasi, chifukwa chingwe chimenechi ndicho munthu amakoka ovolosi kapena dzanja la mnzake likakodwa.

Chodabwitsa n'chakuti makinawa anali atakhoza kale mayeso onse kumene anapangidwa.

Malamba otere amalamulidwa ndi bokosi lachitsulo momwe muli kakompyuta ndi maswichi oyatsa mamota. Bokosili limayesedwa kawiri. Koyamba ndi kufakitale ya olipanga, lisanakwezedwe pa lole, ndipo wogula amatumiza injiniya wake kukaonerera. Kumeneko kulibe lamba, kulibe chimanga. Amisiri amalumikiza timaswichi m'malo mwa masensa ndi timababu m'malo mwa mamota, kotero babu likayaka ndiye kuti mota yayamba. Atatha kuona kuti zam'bokosi zikugwirizana ndi mapulani ndipo waya aliyense ali ndi nambala yake, amayesa nzeru za kakompyuta kaja.

Pa sikirini malamba athu ankadziwika kuti `CV-01`, `CV-02` ndi `CV-03`. Woyamba amalandira chimanga n'kutsanulira pa wachiwiri, wachiwiri pa wachitatu, wachitatu m'nkhokwe. Mukadina batani loyatsa, sayirini iyenera kulira kaye kuti anthu apatuke, kenaka ayambe ndi `CV-03`, wa kunkhokwe, kubwerera m'mbuyo. Pozimitsa zimatembenuka: woyamba ndiye amaima, enawo n'kudikira kuti akhuthule katundu wawo. Lamba wa mamita 30 woyenda mita imodzi ndi theka pa sekondi amafuna masekondi 20 kuti atsale wopanda kanthu, ndipo injiniya amaima ndi wotchi kuona ngati nthawiyo ikukwana.

Nanga wachitatu ataima mwadzidzidzi? Malamba athu anapangidwa kuti azinyamula matani 60 pa ola, pafupifupi makilogalamu 17 pa sekondi. Wachiwiri akapitiriza kutsanula kwa theka la mphindi chabe, pamaunjikana makilogalamu 500, matumba khumi a chimanga, pamalo amodzi. Choncho woyesa amazimitsa dala kaswichi koimira sensa ya liwiro la `CV-03`, ndipo mababu a malamba awiri am'mbuyo ayenera kuzima nthawi yomweyo. Amathimitsanso magetsi onse n'kuwayatsa, kuti atsimikize kuti palibe lamba wodziyambira yekha magetsi akabwera. Kwathu kuno, kumene magetsi amapita ndi kubwera osatsanzika, mzere umenewu pa pepala la mayeso sindilola kuti udumphidwe.

Tsono nayi nkhani ya chingwe chija. Swichi yake imalumikizidwa mwa njira yoti magetsi ochepa, a mavoti 24, azidutsamo nthawi zonse. Kukoka chingwe kumadula njirayo, ndipo mota imaima. Ubwino wake ndi wakuti waya akaduka, kapena khoswe akamutafuna, lamba amaimanso, m'malo moyenda opanda chitetezo. Koma kufakitale ya opanga kulibe chingwe, njira ndi yoduka kale, ndipo bokosi limakana kuyatsa chilichonse. Pofuna kuti mayeso ayende, amisiri amaika kawaya kafupi kolumikiza mbali ziwirizo. Palibe cholakwa pamenepa, malinga kawaya kalikonse kalembedwa m'kaundula kuti kadzachotsedwe.

Kathu sikanalembedwe. Olumikiza mawaya pamalo pathu anamanga mawaya a chingwe pomwepo, kawayako kali chikhalire. Magetsi anapeza njira yachidule, swichi ya chingwe n'kungokhala chokongoletsa. Titatsekula bokosi tinakapeza kuseri kwa mtolo wa mawaya, kosatalika kuposa chala, kabuluu ngati anzake onse.

N'chifukwa chake mayeso achiwiri, a pamalo pogwirira ntchito, si kubwereza chabe. Oyamba aja amatsimikiza kuti kakompyuta kakuganiza bwino. Achiwiriwa amatsimikiza kuti kakumva ndi kulamula zinthu zenizeni. Amayamba magetsi ali ozimitsidwa, swichi yaikulu itatsekedwa ndi loko, kiyi ali m'thumba mwa amene akugwira mawaya. Amamanganso masikuluwu, poti kugwedezeka kwa pamsewu kumawamasula. Mawaya opita ku mamota amayesedwa ndi chipangizo chotulutsa mavoti 500 kuona ngati chikopa chawo sichinang'ambike pokokedwa, zipangizo zosachedwa kupsa zitachotsedwa kaye.

Kenaka imabwera ntchito yotopetsa, imene ambiri amafuna kuithamangira. Munthu mmodzi amapita ku lamba ndi foni, wina amatsala pa sikirini. Wakulamba amagwira sensa imodzi n'kufunsa kuti, "Mwaona chiyani?" Safunsa kuti, "Mwaona sensa ya lamba wachiwiri?" ayi, chifukwa munthu wotopa amangovomera. Wapasikirini ndiye atchule dzina limene lasintha. Umu ndi momwe mumagwirira mawaya osinthanitsidwa, pamene chingwe cha lamba wina chikuoneka ngati cha mnzake. Chingwe chilichonse chimakokedwa pafupi ndi swichi, pakati, ndi kumapeto kwenikweni, popeza chingwe cholendewera chimagwira pafupi koma kutali chimangotamuka. Swichi ikabwezeretsedwa, lamba asayambe mpaka wina adine batani loyatsa.

Mota iliyonse imayatsidwa kamphindi chabe kuona kumene ikuzungulira. Ikabwerera m'mbuyo, kusinthanitsa awiri mwa mawaya ake atatu kumaiwongola. Malamba amayenda opanda katundu kwa maola angapo, amisiri akuyang'ana ngati akupatukira kumbali ndi kumvetsera mabelingi. Pomaliza chimanga chimathiridwa pang'onopang'ono mpaka mulingo wonse, akuyerekeza magetsi amene mota ikudya ndi nambala yolembedwa pa kachitsulo kake. Ine ndimapemphanso kuti aimitse lamba wodzaza n'kumuyatsanso, chifukwa mota imene imayenda bwino ndi katundu itha kulephera kunyamuka naye.

Pepala la mayeso lili ndi magawo anayi pa mzere uliwonse: chochita, chimene chiyenera kuchitika, chimene chachitikadi, ndi siginecha ya amene waona. Gawo lachitatulo likufuna mawu ngati "waima patatha masekondi 20", osati "zili bwino". Zolakwika zimalembedwa padera, chilichonse ndi wochikonza ndi tsiku lake. Zina, monga chizindikiro chomatidwa mokhota, zingadikire. Za chitetezo sizidikira, ngakhale kontilakitala akhale akufulumira bwanji kuti musayine alandire ndalama zake zomaliza.

Tsiku lija sitinasayine. Tinazimitsa magetsi, n'kutenga mapulani ndi tochi, kuyang'ana malo olumikizira mawaya amodziamodzi mpaka madzulo. Tinapezanso kawaya kena pa swichi yoona kupatuka kwa `CV-03`. Tiwaya tiwiriti tinatimata ndi selotepi pa pepala la mayeso, ndipo m'mawa mwake mmisiri uja anayambiranso kukoka zingwe, kuyambira lamba woyamba.