Muvi uloze kuti? Kulemba ziganizo m'zizindikiro za lojiki

Wophunzira masamu kapena zamakompyuta akafika pa lojiki ya ziganizo, amapatsidwa chiganizo wamba n'kuuzidwa kuti achilembe m'zizindikiro. Chiganizo chachifupi chimaimiridwa ndi chilembo chimodzi, ndipo zilembozo zimalumikizidwa ndi ¬ (kukana), ∨ (kapena) ndi → (ngati). Chovuta kwambiri ndi muviwo, chifukwa ukautembenuza wanena zina.

Lamulo la muvi ndi lakalekale. Filo wa ku Megara, Mgiriki wa cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti chiganizo cha "ngati" chimakhala chabodza pamene mbali yoyamba ili yoona koma yachiwiri ili yabodza, basi. Choncho P → Q amaletsa chinthu chimodzi chokha: kuti P achitike popanda Q.

Tiyeni tipite pachigayo chamagetsi. G aimire "chigayo chikugaya", M aimire "magetsi alipo". Mwini chigayo akuti: "Chigayo chimagaya pokhapokha ngati magetsi alipo."

Ambiri akangomva "ngati" amaika magetsi kumayambiriro kwa muvi n'kulemba M → G. Koma taganizirani tsiku limene magetsi ayaka bwinobwino, lamba waduka, amayi akhala pamatumba awo a chimanga kudikira makaniko. M ndi woona, G ndi wabodza, motero M → G wagwa. Kodi mwini chigayo ananama? Ayi. Sanalonjeze kuti magetsi akangoyaka ufa utuluka. Iye anati popanda magetsi palibe kugaya. Akanapezeka wabodza tikanamva chigayo chikulira magetsi atazima. Chimene akuletsa ndi G popanda M, ndiye kalembedwe koyenera ndi G → M. Magetsi ndi ofunika, koma si okwanira paokha.

Munthu yemweyo atha kunena kuti: "Chigayo sichigaya pokhapokha magetsi atayaka." Mabuku a Chingelezi ali ndi mawu osiyana a ziganizo ziwirizi, pamene ife timanena "pokhapokha" ponse pawiri, ndipo apa chilankhulo chathu sichinalakwe. Chiganizo chachiwirichi chikuti ngati magetsi kulibe, kugaya kulibe: ¬M → ¬G. Yesani njira zonse zinayi zimene G ndi M angakhalire oona kapena abodza. Mupeza kuti ¬M → ¬G amagwa pamalo amodzi okha, pamene magetsi kulibe koma chigayo chikugaya. Ndi pomwe pajanso G → M amagwera. Ziganizo ziwirizi zikunena chinthu chimodzi.

Tsopano mverani wina wokhala pafupi ndi chigayocho: "Nthawi iliyonse magetsi akayaka, chigayo chimagaya." Uyu ndiye wanena M → G. Mawu akuti "nthawi iliyonse" amachita ngati "ngati" wamba: chimene chawatsatira chimakhala kumayambiriro kwa muvi. Tsiku la lamba woduka lija limamugwira bodza mnansiyu, koma mwini chigayo silimukhudza. Dziwani kuti lojiki ya ziganizo sidziwa nthawi. M → G akunena za mphindi imodzi, ina iliyonse imene mungasankhe. Wofuna kulemba "nthawi zonse" mokwanira amafunika lojiki yapamwambapo, yokhala ndi chizindikiro cha ∀, imene maziko ake anaika Gottlob Frege mu 1879.

Pali chiganizo china chimene chimadzetsa mtsutso, ndipo mtsutsowo ndi womveka. Mayi akuuza mwana wake kuti: "Mawa tipita kuchigayo, kupatula ngati mvula itagwa." P aimire "tipita", V aimire "mvula yagwa". Lonjezo lenileni ndi lakuti mvula ikapanda kugwa, tipita: ¬V → P, zomwe n'zofanana ndi P ∨ V. Nanga mvula itagwa, mayiyo n'kukutira thumba ndi pulasitiki, n'kupitabe? Mwana atha kudabwa, chifukwa khutu lathu limamvanso kuti "ikagwa sitipita". Koma mabuku ambiri a lojiki amati mayiyo sanaswe mawu ake, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Iwo anadzimanga pa tsiku lopanda mvula, za tsiku lamvula anasiya khomo lotsegula. Mukalemba P ↔ ¬V, muvi wa mitu iwiri, mwawasenzetsa lonjezo lachiwiri limene sanalinene. Muvi umenewu muulembe pamene wolankhula wanenetsa mbali zonse ziwiri, monga atawonjezera kuti "ikagwa ndiye sitipita ndithu".

Mukamaliza kulemba, musadalire kuti mawu ati abwera poyamba m'chiganizo. Dzifunseni kuti chingachitike n'chiyani kuti wolankhulayo apezeke wabodza, kenako muone ngati zizindikiro zanu zikugwa pa chochitika chomwecho. Kwa mayi aja ndi tsiku lopanda mvula limene sanapite kuchigayo: V wabodza, P wabodza. Pamenepo ¬V → P akugwa, ndipo panjira zitatu zotsalazo akuima.