Mphaka wayamba kukodza paliponse? Musathamangire kumukwapula

Mwadzuka m'mawa, mwaponda pamphasa ya pabalaza, phazi lanyowa. Fungo lake simukuchita kufunsa. Mphaka amene kwa zaka zitatu kapena zinayi wakhala akudzithandiza m'bokosi lake la mchenga osaphonya ngakhale tsiku limodzi, lero wakodza pomwe mumalandirira alendo. Ambiri timangoti, "Iiih, pusi ameneyu wayamba mwano," n'kutola tsache.

Mphaka sakodzera mwano kapena kubwezera. Ndi nyama yaukhondo imene imakwirira zoipa zake popanda woiphunzitsa, choncho wamkulu akasiya bokosi mwadzidzidzi ndiye kuti china chasintha, kaya m'thupi mwake, pabokosipo, kapena pakhomo. Poyambira kufufuza ndi m'thupi, chifukwa m'menemo ndi mmene mungakhale vuto lotenga moyo.

Musanakolope, yang'anani

Mkodzo womwewo umakuuzani zambiri. Ngati ndi timadontho tochepa m'malo angapo, mwina tofiirira ngati tasakanikirana ndi magazi, ndipo mphaka akupita kubokosi pafupipafupi, kunjuta nthawi yaitali, kulira kapena kudzinyambita kumaliseche, vuto lili m'chikhodzodzo. Ngati ndi chithaphwi chachikulu, mchenga ukunyowa msanga kuposa kale ndipo mbale ya madzi ikutha mofulumira, makamaka kwa mphaka wopitirira zaka 10, ganizirani za impso kapena shuga. Koma ngati mkodzo uli pakhoma, pachitseko kapena pakatani, wochita kutsetsereka kuchokera m'mwamba, kumeneko ndi kuika chizindikiro. Mphaka amaima chilili, mchira uli m'mwamba ukunjenjemera, n'kupopera pang'ono kumbuyo. Amatero kwambiri aamuna osafula, kapena mphaka aliyense amene akuona mnzake wachilendo akuzungulira panyumba.

Pali chizindikiro chimodzi chosadikira kuti kuche. Mphaka wamwamuna akamadzikanda kuti akodze koma osatuluka kanthu, njira yake ya mkodzo ingakhale itatsekeka. Njira ya wamwamuna ndi yaitali komanso yopapatiza, moti timiyala kapena zamatope za m'chikhodzodzo zimaitseka mosavuta. Mkodzo ukalephera kutuluka impso zimasiya kugwira ntchito, mphaka amayamba kusanza ndi kufooka, ndipo akhoza kufa pasanathe masiku atatu. Eni ambiri amaganiza kuti wangodzimbidwa. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Ndipo chonde musam'patse panado poti akumva ululu. Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya mankhwala amenewa, m'bulu umodzi wokha umapha.

Chitsanzo cha pakhomo

Titenge mphaka wamwamuna wofula, wa zaka 4, wokhala m'nyumba, amene amadya chakudya chouma chogula m'sitolo. Nthawi ya tchuthi kwabwera ana a achibale atatu. Chipinda chimene munali bokosi lake chasanduka chogona alendo, ndipo bokosi lapita pakhonde la kuseri, pafupi ndi pamene galu amagona. Patapita masiku ochepa, mayi wa pakhomopo akupeza timadontho tofiirira pansi m'bafa.

Kuchipatala dokotala amayamba ndi kugwira pamimba. Chikhodzodzo chikakhala chachikulu ndi cholimba, ndiye kuti njira yatsekeka. Apa wachipeza chaching'ono, kusonyeza kuti mkodzo ukutuluka. Atayeza mkodzo wapeza magazi koma palibe tizilombo, ndipo timiyala sitinaoneke. Uku ndi kutupa kwa chikhodzodzo kumene kumayenderana ndi nkhawa, ndipo ndi kumene kumapezeka kwambiri mwa amphaka osafika zaka 10. N'chifukwa chake mankhwala opha tizilombo otsala m'kabati sathandiza. Dokotala wapereka mankhwala oletsa ululu oyenera mphaka, ndipo walangiza kuti azimwa madzi ambiri: chakudya chonyowa m'malo mwa chouma chokhachokha, ndi mbale za madzi ziwiri kapena zitatu m'malo osiyana. Kawirikawiri kutupa kotere kumatha pakadutsa masiku 5 mpaka 7, koma kumabwereranso ngati chimene chikumusowetsa mtendere sichinachoke.

Sabata yatha, magazi asiya, koma mphaka akukodzabe m'bafa. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima. Chachitika n'chakuti mphaka akukumbukira kuti m'bokosi lija ndi mmene ankamva ululu, komanso kuti akalifikire ayenera kudutsa pamphuno pa galu. Banjalo lagula beseni latsopano, laliika pakona ya m'bafa momwemo pamene mphaka anasankha yekha, ndipo wayamba kuligwiritsa ntchito. Atazolowera kwa milungu iwiri, ayamba kulisuntha pang'onopang'ono, masentimita ochepa patsiku, mpaka lafika pamalo amene iwo akufuna. Mukalinyamula ulendo umodzi, mumayambiranso poyamba.

Bokosi limene mphaka angalilole

Dokotala akanena kuti m'thupi muli bwino, tembenukirani kubokosi. Likhale lalitali kuposa mphakayo, pafupifupi kutalika kwake kuwonjezapo theka, kuti azitha kutembenuka ndi kufukula. Beseni lalikulu lochapira limachita bwino kuposa timabokosi tambiri ta m'sitolo. Mchenga ukhale wosalala, wouma, wopanda mafuta onunkhira, wokuya masentimita 5. Amene mumatunga mchenga wa kumtsinje, usefeni ndi kuuyanika kaye, makamaka nthawi ya dzinja, chifukwa mphaka sakonda kuponda ponyowa. Ngati mwasintha mtundu wa mchenga posachedwa, bwererani ku wakale, kenako muzisakaniza watsopano pang'onopang'ono.

Chotsani zoipa tsiku lililonse, ndipo kamodzi pasabata tayani mchenga wonse, mutsuke ndi madzi otentha ndi sopo wamba. Pewani mankhwala ophera majeremusi amene amasandutsa madzi kukhala oyera ngati mkaka, ambiri mwa iwo ndi poizoni kwa mphaka. Ngati muli ndi amphaka awiri, mabokosi akhale atatu, m'malo osiyana, chifukwa wina amatha kubisalira mnzake panjira. Malo akhale achete, kutali ndi mbale ya chakudya, pomwe mphaka akutha kuona amene akubwera.

Kwa mphaka wokalamba amene akuchita chimbudzi pambali penipeni pa bokosi, nthawi zambiri vuto ndi nyamakazi. Wafika pamalo oyenera koma kukwera kukumupweteka. Dulani mbali imodzi ya beseni kuti polowera pakhale pafupi ndi pansi, ndipo mufunse dokotala za ululuwo. Kwa wopopera pakhoma, kufula kumathetsa kapena kuchepetsa khalidweli mwa aamuna ambiri. Thandizaninso potseka katani ya windo limene amaonerapo amphaka akunja, ndi kusasiya zakudya panja zimene zimawaitana.

Pamene anakodza kale

Mphuno ya mphaka imamva zimene inu simukumva, ndipo pamene pali fungo la mkodzo wake amabwererapo. Yambani ndi kupsinja nsanza youma pamalopo kuti imwe mkodzo, kenako tsukani ndi sopo waufa wochapira wosungunula m'madzi ofunda, mutsukuluze, paume. Musagwiritse ntchito mankhwala okhala ndi amoniya, chifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo. Bulichinso sayenera kuthiridwa pamkodzo, amatulutsa mpweya woipa kwa inu nomwe. Pakauma, ikanipo mbale yake ya chakudya kwa masiku angapo, poti mphaka sakonda kukodza pamene amadyera.

Kumukwapula kapena kumukhutiza mphuno pamkodzo kumangomuphunzitsa kukuopani. Nkhawa imakula, chikhodzodzo chimatupanso, ndipo mawa adzakodza kuseri kwa kabati kumene simudzaona timadontho ta magazi tokuchenjezani kuti wadwala.