Kalata Yoperekeza Katundu

Wamalonda wina ali ndi masitolo awiri, yaikulu ku Cipata ndi yaing'ono ku Katete. Katundu yense amafikira ku sitolo yaikulu, ndipo ya ku Katete ikacepekedwa shuga, sopo kapena saladi, galimoto imanyamula zinthuzo kupita nazo kumeneko. Mwini wace sangakhale ku malo awiri nthawi imodzi. Amene apakira katundu ku Cipata saona cimene citsika ku Katete, ndipo amene atsitsa ku Katete sanaone cimene cinakwera. Nanga belo la shuga likasowa, adzafunsidwa ndani?

Cifukwa ca ici katundu sayenda yekha, koma amaperekezedwa ndi fomu, ndiyo kalata yosindikizidwa kale yokhala ndi malo olembapo. Kalatayi si lisiti ai, pakuti palibe cimene cagulitsidwa, ndipo palibe ndalama zimene zilipidwa. Katunduyo ngwa munthu mmodzi yemweyo, wangosamuka nyumba. Nchito ya kalatayi ndi kucitira umboni kuti zimene zinaturuka uku ndizo zinalowa uko.

Mafomu amenewa amakhala m'buku, ndipo iliyonse ili ndi nambala yace yosindikizidwa pamwamba. Nambala imodzi imakhala pa mapepala atatu otsatana, ndipo pakati pao aikapo kaboni, kuti cimene cilembedwa pa pepala loyamba cioneke pa onse atatu. Pamwamba kalaliki alemba tsiku, sitolo imene katundu acokera, sitolo imene apita, ndi nambala ya galimoto. M'munsi mwace muli mizere yopanga madanga: danga la dzina la katundu, la kapakidwe kace, la ciwerengero cotumizidwa, la ciwerengero colandiridwa, ndi lina lotakata lolembamo mau. Pansi peni peni pali malo a maina atatu: la wotumiza, la woyendetsa galimoto, ndi la wolandira.

Danga la kapakidwe ambiri amalipeputsa, koma milandu yambiri imabadwira pomwepo. Munthu akalemba kuti “shuga 10”, wanenanji? Angakhale mapaketi 10 amene mwana atha kunyamula m'dengu, kapena mabelo 10 a mapaketi 20 m'belo lililonse, ndiwo mapaketi 200. Kalaliki wodziwa nchito yace alemba zonse: shuga wa kilo imodzi, belo la mapaketi 20, mabelo 10.

Tsiku lina m'mawa kalaliki wa ku Cipata anadzaza fomu ya nambala 214. Analembapo mabelo 10 a shuga, makatoni 6 a saladi a mabotolo 12 m'katoni iliyonse, ndi makatoni 4 a sopo. Danga la zolandiridwa analisiya loyera, cifukwa silace. Pansi pa mzere wotsiriza anajambula mzere wopingasa kutseka malo otsala, kuti wina asaonjezepo kanthu m'njira. Atatero anasaina, woyendetsa galimoto nayenso anasaina. Mapepala awiri anang'ambidwa napita ndi katundu, lacitatu linatsala m'buku. Ndipo m'buku lina, la katundu wa m'sitolo, kalalikiyo anacotsera mabelo 10 pa mabelo 45 amene analipo, nalemba kuti atsala 35.

Galimoto inafika ku Katete dzuwa lili pamutu, ogula atadzaza m'sitolo. Apa ndipo pali ciyeso. Woyendetsa afuna kubwerera msanga, ogula akuitana, ndipo nkwapafupi kuti wolandira angoyang'ana ciwerengero ca mnzace, nacikopera m'danga lace, nasaina. Wocita tero wapha nchito yonse ya kalatayo, pakuti anthu awiri asaina koma wowerenga ndi mmodzi yekha. Ndiponso wadzimangirira yekha mlandu: zikadzapezeka zopereŵera mawa, dzina lace lidzanena kuti iye analandira zonse.

Mai amene ayang'anira sitolo ya ku Katete sanatero. Anauza anyamata kuti aunjike katunduyo pakhonde, mtundu uliwonse pa wokha, asanalowetse kanthu m'cipinda mosungira, kuopa kuti watsopano angasanganikirane ndi wakale. Anaitana woyendetsa galimoto kuti aime pomwepo, nayamba kuwerenga. Sopo anakwanira, makatoni 4. Makatoni a saladi anali 6, koma imodzi inali yonyowa kunsi. Ataitsegula anapeza mabotolo awiri atang'ambika. Shuga anawerenga kawiri, ndipo kawiri konse anapeza mabelo 9.

“Bambo,” anatero maiyo, “pano palembedwa 10, koma ine ndaona 9. Tawerengani nanunso.”

Woyendetsayo anawerenga, nayang'ananso m'galimoto, ndipo anati, “Zoona, Amai, ndi 9. Koma ine sindinaime paliponse m'njira.”

Maiyo sanakangane naye, ndipo sanafafanize 10 wa mnzace wa ku Cipata, cifukwa ciwerengero cimeneco ndi umboni wa wotumiza, ndipo wolandira alibe mphamvu ya kucisintha. Iye analemba zace m'danga lace: shuga, mabelo 9, saladi, mabotolo 70 abwino, sopo, makatoni 4. M'danga la mau analemba kuti belo limodzi silinafike, ndi kuti mabotolo 2 anafika ong'ambika. Anasaina, ndipo woyendetsa anasainanso pambali pa mau aja kubvomereza kuti anaona ndi maso ace. Pepala limodzi linatsala ku Katete, linzace linabwerera ndi galimoto. M'buku lace la katundu maiyo analowetsamo mabelo 9, osati 10.

Madzulo kalaliki wa ku Cipata anaika pepala lobweralo pambali pa lija lotsala m'buku, naona kuti zasiyana. Belo likasowa cotere, pali njira ziwiri zoyamba kuziganizira: kapena silinakwere konse, kapena linakwera nilitayika pakati. Fomu payokha singathe kunena kuti yoona ndi iti. Imangoonetsa cimene casowa, ndi ulendo umene casowera. Yankho lili m'cipinda cosungira katundu. Buku linati mwatsala mabelo 35. Kalaliki anapita kukawerenga, napeza 36. Belo lija linali kuseri kwa citseko, kumene anyamata analitula m'mawa pamene anaitanidwa kukathandiza wogula.

Pamenepo cinaoneka cinthu cina: wotumiza ndi woyendetsa onse awiri anasaina 10 m'mawa muja osawerenga zimene zinali m'galimoto. Kalaliki anawerenga zimene anaturutsa, osati zimene zinakwera. Akadapeza 35 m'cipindamo, mlandu ukadagwera woyendetsa, pakuti kucokera pa kusaina kwace kufikira pa kusaina kwa wolandira, katundu ali m'manja mwace. Koma kuyesa kumeneku kumathandiza pokha pokha ngati buku linali lolondola kale, ndiponso ngati awerenga tsiku lomwelo. Pakapita sabata, shuga atagulitsidwa ndi wina atafika, palibenso angadziwe.

Kalaliki anabwezera belo limodzi m'buku la ku Cipata, nalemba nambala 214 pambali pace. Mabotolo awiri aja anasungidwa kufikira mwini sitolo anawaona, ndipo iye ndiye analoleza kuti alembedwe monga katundu woonongeka, cifukwa wanchito sadzikhululukira yekha cotayika.

Masiku ano masitolo akulu ambiri amalemba zimenezi pa kompyuta, koma madanga awiri aja, la zotumizidwa ndi la zolandiridwa, alipobe, ndipo mabelo amawerengedwabe ndi munthu. Pakutha pa mwezi mwini sitolo amasanja mapepala a mbali zonse ziwiri motsata manambala. Akaona 213 ndi 215, koma 214 palibe, amafunsa, pakuti nambala yosowa ingakhale galimoto yathunthu ya katundu. Ndico cifukwa cace fomu yolembedwa molakwa saitaya: amalembapo kuti yathetsedwa, naisiya m'buku ndi mapepala ace onse atatu.

Belo lija linapita ku Katete pa ulendo wotsatira, lili ndi fomu yace yatsopano.