Kuphunzitsa za katemera pa wayilesi: fanizo lomveka ndi khutu

Phunziro la pa wayilesi lilibe bolodi, chithunzi kapena chala choloza. Zonse zimene mwana akuyenera kudziwa zimalowera m'khutu, ndipo mawu akadutsa sabwereranso. Ichi n'chifukwa chake mafanizo ambiri a m'mabuku a sayansi amalephera akafika pa wayilesi. Mabuku amakonda kunena kuti chitetezo cha m'thupi chimagwira kachilombo ngati mmene kiyi amalowera m'loko yake. Papepala fanizoli limamveka chifukwa mwana amaona mano a kiyi akugwirizana ndi mphako ya loko. Pa wayilesi mwana amangomva mawu awiri, kiyi ndi loko, koma kugwirizanako sakukuona. Fanizo loyenera wayilesi ndi limene mfundo yake ili m'phokoso lenilenilo, kuti mwana azindikire yekha ndi makutu ake asanauzidwe tanthauzo.

Sukulu za m'Malawi zinaphunzirapo kale kudzera pa wayilesi. Pulogalamu ya Tikwere, imene inkaulutsidwa pa MBC, inkaphunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka 3, ndipo m'chaka cha 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona maphunziro ena anapitirira pa wayilesi. M'maphunziro otere mphunzitsi wa pa wayilesi amafunsa funso, n'kusiya mpata woti ana ayankhe, pamene mphunzitsi wa m'kalasi akuwatsogolera. Phunziro la katemera likhoza kuyenda m'njira yomweyi.

Wolemba phunziro ayenera kuyamba wadziwa zimene zimachitika m'thupi. Kachilombo kalikonse kali ndi zizindikiro zakezake pa khungu lake. Kakalowa m'thupi koyamba, maselo oyera a m'magazi, amene anthu amawatcha asilikali a m'thupi, amatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti akazindikire bwino ndi kupanga zida zokwanira zolimbana nako. Pa nthawi yonseyi kachilomboko kamakhala kakuswana, ndipo munthu amadwala. Nkhondo ikatha, ena mwa maselowa amatsala akukumbukira chizindikirocho, mwina kwa zaka zambiri. Kachilombo komweko kakabweranso, amadzuka m'masiku owerengeka okha n'kukagonjetsa kasanachuluke. Katemera amaphunzitsa thupi chizindikirocho popanda kulidwalitsa matenda enieniwo. Choncho mfundo zofunika kuti mwana azimve ndi zitatu: kuzindikira, kukumbukira ndi kufulumira. Zonse zitatu zikhoza kuseweredwa ndi mawu.

Fanizo limene limanyamula zitatuzi ndi la mbava yoimba mluzu. M'mudzi muli alonda. Mbava ikamabwera usiku imaitana anzake ndi mluzu wakewake, wa mawu atatu: awiri aafupi ndi amodzi aatali. Mudzi ndi thupi, alonda ndi asilikali a m'thupi, mbava ndi kachilombo ka chikuku, ndipo mluzu ndi chizindikiro chake. Mluzuwo uyenera kukhala waufupi, wosavuta kuubwereza, ndipo usasinthe kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Woimba akhale munthu mmodzi, kapena ujambulidwe kamodzi n'kumaubwereza womwewo, chifukwa ukangosintha pang'ono ana amayesa kuti yabwera mbava ina.

Phunziro la mphindi 15, la ana a Sitandade 5 kapena 6, likhoza kugawidwa m'zigawo zinayi. M'chigawo choyamba mumamveka nkhululu zikulira, kusonyeza usiku, kenako mluzu uja. Alonda awiri amafunsana motsitsa mawu: "Achimwene, mwamva? Ndi mbalame kapena?" Mnzake amayankha kuti sakudziwa. Pamenepa wolemba amasiya masekondi khumi athunthu alonda akukayikakayika, kwinaku mluzu ukuchuluka, uku umodzi, uko iwiri, mpaka nkhuku zikuyamba kulira m'khola. Ng'oma yochenjeza mudzi imalira mochedwa. Masekondi khumi pa wayilesi ndi nthawi yaitali, ndipo ana amatekeseka, ena amafuula okha kuti ndi mbava. Kutekesekako ndiye phunzirolo, pakuti amva m'thupi mwawo kuipa kwa kuchedwa. Mphunzitsi wa pa wayilesi amangowonjezera chiganizo chimodzi, kuti masekondi khumiwo akuimira sabata imodzi kapena ziwiri zimene thupi limatenga likakumana ndi chikuku koyamba.

Chigawo chachiwiri ndi cha katemera. Kunja kwacha, tambala walira, ndipo amfumu aitanitsa alonda pabwalo. Abwera ndi mbava yogwidwa kale, yofooka ndi yomangidwa manja, n'kuilamula kuti iimbe mluzu wake. Alonda amamvetsera, ndipo ana m'kalasi amauzidwa kuti akangomva mluzuwo awombe m'manja kamodzi. Mphunzitsi amasakaniza: kulira kwa njiwa, belu la njinga, kenako mluzu. Pa phokoso lililonse pamasiyidwa masekondi atatu kapena asanu kuti ana ayankhe. Poyamba ena amawombera belu la njinga, koma pofika ulendo wachitatu ambiri amakhala akukhoza.

Nkhani ya mbava yomangidwa manja ili ndi chifukwa chake. Katemera wa chikuku amapangidwa ndi kachilombo kamoyo kamene kanafooketsedwa kwambiri, choncho kunena kuti mulibe kachilombo konse kungakhale kunama. Katemera wa HPV, woteteza khansa ya khomo la chiberekero, amene dziko la Malawi linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'chaka cha 2019, ndi wosiyana: muli chikhungwa chokha chofanana ndi cha kachilomboko, chopanda moyo. Phunziro likakhala la katemera ameneyu, amfumu sabwera ndi mbava ayi, amangoliza mluzu wojambulidwa pa foni. Fanizo ndi lomwelo, koma liyenera kusinthidwa kuti ligwirizane ndi katemera amene akukambidwa.

M'chigawo chachitatu usiku umabwerera. Nkhululu, mluzu, ndipo pasanathe masekondi awiri ng'oma yalira, ana nawonso awomba m'manja. Kusiyana kwa masekondi khumi ndi awiri kumamveka popanda kufotokoza. Apa ndi pamene funso la mlingo wachiwiri limayankhidwa. Mlonda mmodzi amavomera kuti tsiku la pabwalo lija sanamvetse bwino, ndipo amfumu amaitanitsanso msonkhano. M'Malawi mwana amalandira katemera wa chikuku akakwanitsa miyezi 9, ndipo wachiwiri pa miyezi 15. Pa miyezi 9, ana pafupifupi 85 mwa 100 alionse amatetezeka ndi mlingo woyamba. Wachiwiri cholinga chake chachikulu ndi kufikira otsalawo, amene matupi awo sanagwire phunziro loyamba. Kutentha thupi pang'ono kapena kupweteka pamene abaya jakisoni kumalowanso m'sewero lomweli: ndi phokoso la alonda akuthamanga poyeserera, limene limatha m'masiku ochepa. Phunziro liwonjezere kuti mwana akatentha kwambiri, akakomoka kapena akamabanika, apite naye kuchipatala mwamsanga.

Chigawo chachinayi chimayankha funso limene ana amafunsa kawirikawiri, loti n'chifukwa chiyani akatemera ali ambiri. Usiku wina kumamveka mluzu watsopano, wa mawu amodzi aatali otsika. Ana sanauphunzire, choncho sawomba m'manja, ndipo alonda nawonso amakayika ngati poyamba paja. Mbava iyi ndi kafumbata kapena poliyo. Katemera wa chikuku sateteza ku matenda amenewa chifukwa chizindikiro chake n'china. Kukhala chete kwa kalasi pa mluzu watsopanowo kumaphunzitsa mfundoyi kuposa chiganizo chilichonse.

Fanizo lililonse lili ndi malire, ndipo mphunzitsi ayenera kuwatchula phunziro lisanathe. Choyamba, thupi lilibe makutu omvera tizilombo. Maselo amazindikira kachilombo pokhudza kaumbidwe ka khungu lake, ndipo mluzu ukungoimira zimenezo. Chachiwiri, m'sewero alonda amaphunzira m'mphindi zitatu, koma thupi limafuna pafupifupi masabata awiri kapena atatu likalandira katemera wa chikuku kuti litetezeke bwino. Mwana amene wadwala patangopita masiku atatu chibayireni anali atatenga kale kachilomboko, chifukwa chikuku chimakhala masiku 10 mpaka 12 m'thupi chisanaonekere. Chachitatu, katemera si mankhwala ochiza. Kuphunzitsa alonda mbava zili kale m'khola sikubweza nkhuku. Chachinayi, mbava ndi kachilombo, osati munthu wodwala. Ichi chinenedwe momveka bwino, chifukwa ana sachedwa kutcha mnzawo wa zidzolo kuti mbava.

Zolakwika zina ndi za kapangidwe ka pulogalamu. Mawu a anthu akapitirira atatu m'chigawo chimodzi, ana sadziwa amene akulankhula, makamaka m'kalasi ya ana ambiri imene ikumvera wayilesi imodzi yaing'ono. Nyimbo yapansipansi imamiza mluzu, choncho izimitsidwe mluzu usanamveke. Manambala asapitirire awiri m'chiganizo chimodzi, ndipo abwerezedwe. Kusintha fanizo pakati pa phunziro, kuchoka kwa alonda n'kupita ku mpanda kapena chishango, kumasokoneza mfundo yeniyeni, pakuti mpanda umangotchinga koma sukumbukira. Mwana wophunzira ndi fanizo la mpanda amaganiza kuti katemera amakhalabe m'thupi akutchinga matenda, pamene zoona zake n'zakuti katemerayo amatha m'thupi, chotsala ndi chikumbumtima cha maselo pa chizindikirocho.

Njira yodziwira ngati phunziro lagwira ndi kuliyesa pa kalasi imodzi lisanaulutsidwe, n'kufunsa mafunso opanda mbava kapena mluzu. Mwana afunsidwe kuti katemera akalowa m'thupi amachita chiyani. Akayankha kuti amapha tizilombo, ndiye kuti wasokoneza katemera ndi mankhwala, ndipo chigawo cha pabwalo chikufunika kutalikitsidwa. Afunsidwenso ngati mwana amene anabayitsa katemera wa chikuku angadwale kolera. Akati sangadwale, mluzu wachiwiri unali wofanana kwambiri ndi woyamba, ndipo uyenera kusinthidwa. Funso lomaliza likhale la chifukwa chimene khanda limabwerera kusikelo pa miyezi 15. Yankho loti katemera woyamba anali wabodza kapena anatha mphamvu likusonyeza kuti mawu a mlonda wosamvetsa uja sanamveke. Mayankho olakwika otere amaloza chigawo chenicheni chofunika kukonza, ndipo chigawocho chimajambulidwanso n'kuyesedwa pa kalasi ina pulogalamu isanapite pa wayilesi.