Sopo wabwino amayamba ndi sikelo

Ndikamaphunzitsa magulu a amayi kuno kwa Chimaliro kupanga sopo, ambiri amayamba kufunsa za mafuta onunkhiritsa. Ine ndimawauza kuti ayambe agula sikelo ya magalamu. Sopo ndi mafuta amene aphikidwa ndi kositiki soda, ndipo muyeso wa ziwirizi ndiwo umasiyanitsa sopo wosambira ndi sopo wosupula khungu.

Nawu muyeso umene ndimagwiritsa ntchito: magalamu 700 a mafuta a ng'ombe osungunula ndi kusefa, magalamu 300 a mafuta a mpendadzuwa, magalamu 130 a kositiki soda ndi magalamu 330 a madzi. Mafuta a mpendadzuwa paokha amatulutsa sopo wofewa, wosachedwa kutha m'madzi. A ng'ombe aja ndiwo amamulimbitsa. Mukasintha mtundu wa mafuta, muyeso wa soda nawo umasintha, choncho osangoyerekeza ndi sipuni.

Soda ameneyu si wothira m'therere uja ayi, amawotcha. Valani magolovesi ndi magalasi, ndipo gwirani ntchito panja. Thirani soda m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu soda, chifukwa amawira n'kukuthovukirani. Poto wa aluminiyamu musamuyandikize, soda amamudya; ndowa yapulasitiki yolimba ndiyo yoyenera. Akakugwerani m'diso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 20, kenako thamangirani kuchipatala. Ndipo chonde, madzi a soda musawasunge m'botolo la zakumwa, mwana adzamwa.

Madziwo akazizira kufika pofunda, athireni m'mafuta ofundanso ndi kutakasa mpaka zilimbe ngati phala la mwana, loti dontho likagwera pamwamba likuoneka. Tsanulirani m'chikombole, fundikani, ndipo dulani patatha tsiku limodzi kapena awiri. Kenako sopoyo adikire masabata 4 mpaka 6 pamalo opita mphepo. Kuno ku Thyolo chinyezi ndi chiperoni zimachedwetsa kuuma, ndiye musathamangire kumsika. Sopo wonyenyeka podula, wokhala ndi timibulu toyera mkati, ndiye kuti soda wachuluka. Ameneyo asafike pathupi la munthu.

Muyeso uwu umapereka pafupifupi zidutswa 13 za magalamu 100. Powerengera mtengo ine ndimagawa ndi 12, poti chimodzi chimathera kulawitsa anthu. Tiyerekeze kuti zonse, kuphatikizapo nkhuni, mapepala okulungira ndi thiransipoti ya ku Limbe kokagula soda, zadya K12,000. Chidutswa chimodzi chakudyerani K1,000 musanawerengere thukuta lanu. Ngati sopo wa m'golosale wolemera chimodzimodzi akutsika kuposa apo, pezani mafuta otchipa musanapangenso.

Ogula oyamba ali pafupi: othyola tiyi pa tsiku lamalipiro, anzanu a banki m'khonde ndi msika wa Goliati. Dulaninso tizidutswa ting'onoting'ono ta amene ali ndi ndalama ya tsiku limodzi, koma ngongole yodikira malipiro muichepetse. Mukafuna kulowa m'masitolo, sopo wanu ayambe wayesedwa ndi bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards.